Nsima imodzi, manambala atatu: ku Rufunsa tikhulupirire tebulo liti?

Munthu amene wapatsidwa ntchito yowerengera zimene banja la ku Rufunsa limapeza m'chakudya chake, kaya ndi wazaumoyo wa ku Mpanshya kapena wophunzira wa ku Lusaka amene akuchita kafukufuku m'midzi ya kwa Shikabeta, satengera chakudyacho ku labotale. Amafunsa mayi wa pakhomo zimene anaphika dzulo, n'kuyeza mtanda wa nsima pa sikelo, kenako n'kutsegula tebulo losonyeza michere imene ili m'magalamu 100 a chakudya chilichonse. Vuto limayambira pomwepo, chifukwa matebulowa alipo ambiri ndipo sanena chimodzi. Pali la Zambia, lopangidwa ndi bungwe la boma loona za chakudya la National Food and Nutrition Commission, limene kope lake linatuluka mu 2009. Pali la Malawi la 2019, la Tanzania la 2008, la Kenya la 2018, la mayiko a kumadzulo kwa Afirika limene FAO inatulutsa mu 2012 n'kulikonzanso mu 2019. Ndiye pali nkhokwe yaikulu ya boma la Amereka, FoodData Central, imene aliyense amatsegula ulere pa foni. Ufa wa chimanga uli m'matebulo onsewa, koma ayironi wake m'tebulo lina amaposa wa m'linzake katatu kapena kanayi.

Anthu a ntchitoyi amagawikana pawiri. Ena amati tebulo la dziko lako ndilo loyamba ndi lomaliza, chifukwa ndilo limadziwa chibwabwa, kapenta ndi ufa wa rola. Ena amati nambala yodalirika ndi imene ili ndi umboni wa kumene inachokera, ngakhale ichokere kutsidya kwa nyanja. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zolimba, koma tisanaziike pa sikelo tiyambe taona chimene chimasiyanitsa manambalawo, poti nthawi zambiri si dziko ayi.

Titenge mayi wa ku Chinyunyu amene wadya nsima yolemera magalamu 450 pa nkhomaliro. Chinthu choyamba n'chakuti nsima si ufa. Ufa wouma uli ndi madzi ochepa, magalamu 10 mpaka 13 pa 100 alionse, pamene nsima yolimba bwino ndi madzi pafupifupi magawo 70 pa 100. Njira yachidule yodziwira ufa umene uli mu mtandawo ndiyo kukhala pa moto ndi wophikayo: kuyeza ufa asanayambe kuthira, kuyeza wotsala akamaliza, kenako kuyeza nsima yonse imene yatuluka mumphika. Tinene kuti kilogalamu imodzi ya ufa yatulutsa makilogalamu atatu a nsima. Ndiye kuti m'magalamu 450 aja muli ufa wa magalamu 150. Nkhokwe ya ku Amereka imati ufa wa chimanga chosakonola uli ndi makalori 362 pa magalamu 100, choncho mayiyu wapeza makalori pafupifupi 540. Koma wowerengera akasankha mzere wa ufa n'kuuchulukitsa ndi kulemera kwa nsima, adzalemba makalori 1,630, ndipo lipoti lidzati mayiyu wakhuta za tsiku lonse pa nkhomaliro yokha. Akasankha mzere wa phala lamadzimadzi, nambala idzagwa kutsika theka la yoona. Palibe tebulo limene lanama pamenepa. Mizere itatuyi ikunena zinthu zitatu zosiyana, ndipo chimene chimaulula kusiyanako ndi nambala ya madzi, yomwe ambiri amaidumpha pothamangira ya mapuloteni. Ine ndimati mzere wopanda nambala ya madzi ndi wosayenera kuugwiritsa ntchito ngati pali wina, chifukwa sungauyerekeze ndi unzake.

Chachiwiri ndi chigayo. Mu nkhokwe ya ku Amereka ija muli mizere itatu imene munthu wofulumira angaione ngati umodzi. Wa `Cornmeal, whole-grain` uli ndi ayironi pafupifupi mamiligalamu 3.5 pa magalamu 100. Wa `Cornmeal, degermed, unenriched`, ufa wochotsedwa gaga ndi mtima wa njere, uli ndi 1.1. Wa `Cornmeal, degermed, enriched`, ufa womwewo koma wothiridwa michere ku fakitale, uli ndi kupitirira 4. Pa magalamu 150 a mayi uja, ayironi akhala mamiligalamu 5.2, kapena 1.7, kapena 6.5, malinga ndi pomwe chala cha wowerengera chagwera. Zinki nayenso amatsika kuchoka pa mamiligalamu 2.7 kufika pa 1 ufa ukakhala woyeretsedwa, chifukwa michere yambiri ya chimanga imakhala m'gaga ndi mu mtima wa njere, zomwe timataya kapena kupatsa nkhuku. Mafuta nawonso amathera komweko.

Tsono ku Rufunsa ufa si wa mtundu umodzi. Pali mgaiwa, chimanga cholowa m'chigayo chathunthu. Pali ufa wa chimanga chokonola, chimene ena amachiviika masiku angapo asanachigayitse, ndipo madzi oviikirawo amapita ndi michere ina. Pali rola ndi bulekifasi za m'matumba zochokera ku makampani a ku Lusaka, zimene zimagulidwa kwambiri m'mashopu a m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Chipata nkhokwe za m'midzi zikayamba kuuma. Banja limodzi lomwelo likhoza kudya mgaiwa mu Juni n'kumadya rola mu Januwale. Wofunsa akangolemba kuti "nsima" osafunsa kuti, "Amayi, ufawu munagayitsa nokha kapena munagula? Chimangacho munakonola?", palibe tebulo padziko lapansi limene lingakonze zimene wasiyazo. Ndipo mzere wachitatu uja, wa ufa wothiridwa michere, suyenera kukhudzidwa n'komwe pa ufa wa m'chigayo cha m'mudzi. Chenjezo lomweli likhudzanso manambala a ku South Africa, kumene lamulo lakakamiza kuthira michere mu ufa wa chimanga wogulitsa kuyambira 2003. Dzikolo lili pafupi, chakudya chake n'chofanana ndi chathu pakamwa, koma ufa wake wa m'sitolo si wathu.

Apa a mbali ya tebulo la kwathu ali ndi mawu amphamvu. Tebulo lopangidwa ndi anthu odziwa dziko limasiyanitsa mitundu ya ufa monga ogula amaisiyanitsira, limalemba ndiwo zimene nkhokwe ya ku Amereka siinazimvepo, ndipo limadziwa malamulo a dzikolo. Chitsanzo chomveka ndi shuga. Kuyambira 1998 Zambia inalamula kuti shuga wogulitsidwa kwa anthu azithiridwa vitamini A, osachepera mamiligalamu 10 pa kilogalamu. Mwana amene wamwa tiyi ndi phala zokhala ndi shuga wa magalamu 20 akhoza kupeza mamaikulogalamu 200 a vitaminiyu, gawo lalikulu ndithu la zimene thupi lake likufuna pa tsiku. Mzere wa shuga wa ku Amereka umati vitamini A mulibiretu, ndipo ukunena zoona za shuga wakeyo. Wougwiritsa ntchito ku Rufunsa adzafafaniza gwero limodzi lalikulu la vitamini A m'nyumba zogula shuga. N'chimodzimodzi chimanga cha olenji chimene Zambia inavomereza mu 2012: mzere wa chimanga choyera ulibe vitamini A, wa chimanga chachikasu cha kunja uli naye wochepa, ndipo yonse iwiri siikunena za mbewu imeneyi. Komabe ngakhale pa shuga, tisamale ndi nambala ya lamulo. Vitamini A amachepa shuga akakhalitsa pa kutentha ndi pa kuwala, monga amakhalira timapaketi topimidwa pa msika, choncho nambala ya lamuloyo tiziitenga ngati ya shuga watsopano, osati ngati ya supuni iliyonse.

Mfundo yawo yachiwiri ndi nthaka, ndipo imeneyi ndiyo yozama. Mbewu siipanga yokha ayironi, zinki kapena seleniyamu. Imayamwa zimene nthaka yaipatsa. Kafukufuku amene Allan Chilimba ndi anzake anasindikiza mu 2011 anayeza chimanga cha m'madera ambiri a Malawi, n'kupeza kuti m'malo ochuluka seleniyamu ndi wochepa kwambiri, pafupifupi mamaikulogalamu 2 pa magalamu 100, koma kuti pa dothi lamakande lopanda asidi wambiri, monga la m'chigwa cha Shire, amatha kuchuluka mpaka kakhumi. Nkhokwe ya ku Amereka imapatsa ufa wosakonola mamaikulogalamu pafupifupi 15. Munthu wobwereka nambala imeneyi adzalemba kuti anthu odya nsima ali bwino pa seleniyamu pamene ali pa njala yake. Kafukufuku wina wamkulu wa 2021, woyeza mbewu za ku Malawi ndi ku Ethiopia, anasonyezanso kuti michere ya m'chimanga imasintha malinga ndi dera, ndipo kwa banja lodya za m'munda mwake, kumene likukhala ndiko kumalamula zimene likupeza.

Koma taonani kumene mfundoyi ikutifikitsa. Ngati nthaka ndiyo nkhani, ndiye kuti malire a dziko alibe kanthu. Boma la Rufunsa lili ndi mapiri ndi mitunda, lilinso ndi malo otsika otentha olowera ku Lunsemfwa ndi ku Luangwa. Chimanga cha m'malo awiriwa sichingayembekezeke kufanana pa michere yochokera m'dothi, ndipo nambala imodzi ya "Zambia" siingaimire zonse. Nambala yoyezedwa pa dothi lofanana ku Malawi ikhoza kuyandikira choonadi kuposa yoyezedwa pa chimanga chogulidwa pa msika wa Soweto ku Lusaka, chomwe palibe akudziwa munda wake. Mfundo ya nthaka ikugwetsa nambala ya ku Amereka, inde, koma siikupereka chipambano kwa tebulo la dziko chifukwa chongokhala la dziko.

Apa m'pamene a mbali inayo amalowera, ndipo funso lawo ndi limodzi: nambala imene ili m'tebulo la kwanuyo inayezedwadi kwanu? Kuyeza chakudya mu labotale n'kokwera mtengo, ndipo mayiko athu ayeza zochepa. Matebulo ambiri a mu Afirika anadzazidwa ndi manambala obwereka, ena mwa iwo ochokera m'buku limene FAO inatulutsa mu 1968 lonena za zakudya za mu Afirika yense. Nambala ikakoperedwa kuchoka m'buku lina kupita m'linzake kwa zaka makumi asanu, imayamba kuoneka ngati yotsimikizidwa ndi ambiri, chonsecho ndi muyeso umodzi wokha wa kalekale, wochitidwa pa mbewu ya mtundu wina ndi zipangizo za nthawi imeneyo. Ndiye ukaona matebulo atatu akugwirizana ndendende mpaka pa kadontho, usasangalale msanga. Kawirikawiri ndiye kuti anamwa pa chitsime chimodzi. Kubwereka pakokha si tchimo. Tebulo la Malawi la 2019, lomwe lili ndi zakudya 316, linabwereka gawo lalikulu ndithu ku South Africa ndi kwina, koma linasonyeza kumene manambala ake anachokera, ndipo chimenecho n'chimene chimalipatsa mtengo. Choipa ndi kubwereka kosalemba.

Amanenanso za kuwerengera kosiyana, kumene kumapangitsa matebulo kukangana pamene labotale inanena chimodzi. Vitamini A wa m'masamba ndiye chitsanzo chachikulu. M'chibwabwa kapena m'bondwe mulibe vitamini A weniweni, muli beta-karotini amene thupi limamusandutsa. Matebulo akale, otsata malangizo a FAO ndi WHO a 1967, amagawa beta-karotini ndi 6, n'kulemba zotsatirazo pansi pa zilembo `RE`. Kuyambira 2001 a ku Amereka anaona kuti thupi silitulutsa wochuluka chotero m'masamba, nayamba kugawa ndi 12 pansi pa zilembo `RAE`. Masamba okhala ndi mamaikulogalamu 3,600 a beta-karotini adzalembedwa 600 m'tebulo lina, 300 m'linzake. Wosayang'ana pamutu pa mzerewo adzaganiza kuti masamba a dziko lina ndi onenepa kawiri. Kukonza kwake n'kosavuta ngati tebulo lalemba beta-karotini payekha: umangogawa wekha ndi nambala imodzi pa zakudya zonse. Ngati silinalembe, ndiye kuti kusakaniza mizere ya matebulo awiriwo n'kudzipusitsa.

Sikuti kusiyana kulikonse n'koyenera kusowetsa munthu tulo. Ufa wosakonola uja uli ndi mapuloteni magalamu 8.1, mafuta 3.6, ndi zopatsa mphamvu za mtundu wa sitalichi 76.9, zomwe 7.3 mwa izo ndi faiba. Ukachulukitsa mapuloteni ndi sitalichi ndi 4, mafuta ndi 9, upeza makalori 372. Ukachotsa faiba n'kumuwerengera makalori 2 pa galamu, monga matebulo atsopano a FAO amachitira, upeza 358. Nkhokwe ya ku Amereka, yogwiritsa ntchito manambala ake apadera a chimanga, imati 362. Kusiyanaku sikufika magawo 5 pa 100, ndipo kusadziwa kwathu kukula kwa mtanda wa dzulo n'kwakukulu kuposa pamenepo. Pa makalori, mapuloteni ndi mafuta a chimanga, nyemba kapena mtedza, kubwereka kwa tebulo lolembedwa bwino n'kotetezeka ndithu, bola ufanize kagayidwe ndi madzi. Kuwerengera komweku ndi njira yoyesera mzere wokayikitsa. Madzi, mapuloteni, mafuta, sitalichi pamodzi ndi faiba, ndi phulusa, ziyenera kukwana pafupifupi magalamu 100. Mzere umene ukupereka 85 kapena 115 uli ndi cholakwika, mwina pokopera, mwina posakaniza manambala a chakudya chouma ndi chachiwisi.

Pali malo amodzi pamene nambala yoyezedwa kwathu, ngakhale ya chaka chatha, imandichititsa kukayika kwambiri, ndipo ndi ayironi wa m'masamba, makamaka a mfutso. Masamba akauma michere yake imakwera pa magalamu 100 chifukwa madzi achoka. Chibwabwa chachiwisi ndi madzi pafupifupi magawo 93 pa 100, ndipo nkhokwe ya ku Amereka imachipatsa ayironi wa mamiligalamu 2.2. Chikauma n'kutsala ndi madzi magawo 10, zouma zake zachoka pa 7 kufika pa 90, ndiko kuti zachuluka pafupifupi ka 13, ndipo ayironi akhala pafupi ndi 28. Nambala ya m'dera limenelo ndi yomveka. Koma ukapeza mzere wonena za 80 kapena 100, funsa ngati masambawo anatsukidwa asanayezedwe, ndi kumene anayanikidwa. Dothi lathu lofiira lili ndi ayironi wochuluka zedi, ndipo fumbi lochepa lomamatira pa tsamba loyanikidwa pabwalo limakweza nambala kutali. Labotale siinaname: ayironiyo analipodi. Funso ndi lakuti thupi lingayamwe wochuluka bwanji wa fumbiyo, ndipo tebulo siliyankha. Momwemonso mgaiwa: uli ndi ayironi ndi zinki wambiri kuposa bulekifasi, koma ulinso ndi faiteti wambiri, amene amagwira michereyi m'matumbo. Nambala yaikulu ya m'tebulo si yonse imene imafika m'magazi.

Ndikaziika zonsezi pamodzi, ndimapeza kuti funso lakuti "tebulo liti" lafunsidwa molakwika pang'ono, poti kusankha kumachitika pa mzere, ndipo nthawi zina pa mchere umodzi wa mu mzerewo. Ndimayamba ndi tebulo la Zambia, chifukwa ndilo limatchula zakudya monga anthu a kwa Bunda Bunda amazidyera, ndiponso chifukwa zotsatira zake zidzatha kuyerekezedwa ndi za ofufuza ena a m'dzikomo. Koma mzere uliwonse uyenera kuyankha mafunso anga. Kodi ndi chakudya chomwecho, chogayidwa ndi kuphikidwa mofanana, chothiridwa kapena chosathiridwa michere mofanana? Kodi madzi ake alembedwa? Kodi gwero la nambala likudziwika, ndipo anayeza zitsanzo zingati? Mzere ukalephera funso loyamba, ndimausiya ngakhale ukhale wa labotale yotchuka motani. Ukapambana loyamba n'kulephera enawo, ndimayang'ana kwa anansi, Malawi choyamba, kenako matebulo a FAO, ndipo Amereka pomaliza, kupatula pa seleniyamu ndi michere ina yotsata dothi, pomwe nambala ya kutali ndimaikana ndithu. Ndikabwereka, ndimakonza madzi: nambala yobwerekayo ndimaichulukitsa ndi zouma za chakudya changa n'kugawa ndi zouma za chakudya cha mwini tebulo.

Zinthu ziwiri ndimazikana kwamtuwagalu. Choyamba ndi kuphatikiza manambala otsutsana n'kutenga wapakati. Pakati pa 1.1 ndi 3.5 pali 2.3, koma nambala imeneyo si ya ufa wa mayi aliyense. Ndi njira yongothawira funso la chigayo. Chachiwiri ndi kusiya mpata wopanda nambala kuti kompyuta iuwerenge ngati ziro. Tebulo likakhala chete pa zinki wa kapenta, sizikutanthauza kuti m'kapenta mulibe zinki, koma kuti sanayeze. Mapulogalamu ambiri owonkhetsa sasiyanitsa ziwirizi, ndipo mudzi wodya zakudya zakuthengo ndi zam'madzi, zomwe mizere yake ndiyo imakhala ndi mipata yambiri, umatuluka ngati wosowa michere kuposa mmene ulili. Kulakwa kumeneku kumagwera anthu amodzimodzi nthawi zonse, a kumidzi yakutali, ndipo n'chifukwa chake kumandipweteka mtima.

A mbali ya tebulo limodzi ali ndi yankho limene sindingalinyoze. Amati munthu aliyense akamadzisankhira mizere apa ndi apo, adzasankha imene ikukomera zimene akufuna kupeza, ndipo malipoti awiri a boma limodzi sadzayerekezekanso. N'zoona. Kafukufuku wa 2015 akagwiritsa ntchito `RE`, wa 2025 n'kugwiritsa ntchito `RAE`, lipoti lidzati ana a ku Rufunsa ataya theka la vitamini A wa m'ndiwo zawo pamene mphika sunasinthe. Mankhwala ake si kumamatira nambala yodziwika kuti ndi yolakwika, koma kusankha mizere usanaone zotsatira, kulemba pambali pa chakudya chilichonse tebulo, chaka ndi nambala ya mzere umene watenga ndi chimene wakonza, ndipo ukasintha tebulo, kuwerengeranso zakale ndi latsopanolo. Pa chakudya chimene chimadzaza mbale, monga nsima, nkoyenera kuwerengera kawiri, ndi mzere wa mgaiwa ndi wa ufa woyera, n'kuonetsa zonse ziwiri. Ngati amayi ambiri akupezeka operewera zinki pa mawerengedwe onse awiri, nkhaniyo ndi yolimba ndipo boma likhoza kuchitapo kanthu. Ngati yankho likutembenuka ndi mzere, ndiye kuti ndalama yotsatira ipite pa kutenga ufa m'zigayo za ku Chinyunyu, ku Mpanshya ndi kwa Shikabeta, nthawi yokolola ndi nthawi ya dzinja, n'kukauyeza.